Amalume, 3.7 Yatsika Bwanji Kufika pa 2.0?

Uthengawo unalowa pafoni yanga cha m'ma 9 koloko usiku. Unachokera kwa mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera kumudzi kwathu. Anatumiza chithunzi pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti: "Amalume, ndithandizeniko. Aphunzitsi akuti tifotokoze chifukwa chake 3.7 yatsika kufika pa 2.0. Akuzifuna Lachisanu."

Pachithunzipo panali kachidutswa ka tebulo la manambala la m'buku la sukulu. Mizere yotsika inaoneka iwiri yokha. Wa kumanzere unali ndi 43, 59, 85, 105 ndi 139. Wa kumanja unayamba ndi kamzere kosonyeza kuti m'dangamo mulibe nambala, kenako 2.9, 3.7, 2.0 ndi 2.8. Pamwamba, pomwe pamakhala mutu wa tebulo ndi maina a mizere, panali podulidwa. Kumanzere kunali kodulidwanso, ndipo pansi pankaoneka chala chachikulu cha munthu amene anagwira tsamba pojambula.

Ndaphunzitsa Jogalafe zaka zambiri, choncho 105 ndi 139 sanali manambala achilendo kwa ine. Mtima unandiuza kuti ndi za kalembera wa anthu wa dziko lino. Koma sindinamuyankhe funso lakelo usiku umenewo. Ndinamulembera kuti: "Iwe, ndijambulire tsamba lonse, ndi tsamba la m'mbuyo mwake. Ndiuzenso dzina la bukulo ndi chaka chimene linasindikizidwa." Yankho lake linandionetsa pamene panagona vuto: "Bukulo sindinalione, amalume. Chithunzichi anatumiza ndi mnzanga pa gulupu ya kalasi."

Umu ndi mmene ana athu ambiri akuwerengera masiku ano. Buku ndi limodzi, ophunzira ndi ambiri, ndipo amene walipeza ku laibulale amajambula malo amene aphunzitsi atchula n'kumwaza kwa anzake. Sadula mwadala kuti asokoneze anzake ayi. Amasendeza foni pafupi kuti manambala aoneke bwino, ndipo m'maganizo mwake manambalawo ndiye ndiwo, pomwe timawu tachingerezi tozungulira tebulo ndi makoko chabe. Iye mwini wawerenga mutu wa tebulo, ndiye akaona chithunzicho amaona chathunthu. Sazindikira kuti theka la tanthauzo latsala m'mutu mwake ndi patsamba lija, ndipo wolandira walandira manambala amaliseche.

Ndinamufunsa mtsikanayu zimene iye ankaganiza kulemba. Anati: "Poti mutu wathu sabata ino ndi wa chiwerengero cha anthu, ndiye kuti anthu anachepa. Mwina anafa ndi njala." Yankho limeneli si la mwana wopusa. Wina aliyense woona nambala ikuchoka pa 3.7 kufika pa 2.0 anganene kuti chinthu chachepa, ndipo n'zoona kuti china chake chinachepa. Funso n'lakuti: chinachepa n'chiyani? Nambala payokha sinena zimene ikuwerenga. 3.7 angakhale anthu mamiliyoni 3.7, angakhale ana amene mayi mmodzi amabereka, angakhale matumba a chimanga, angakhalenso anthu 3.7 pa 100 aliwonse. Chimene chimasankha pakati pa zonsezi ndi timawu tiwiri kapena titatu tokhala pamwamba pa mzerewo, tomwe tija chithunzi chinadula.

Tsamba litabwera

Panapita masiku awiri kuti tsamba lonse lifike, chifukwa pempho langa linayenda njira imene chithunzi chinadzera, koma chobwerera: kwa mtsikanayu, kwa mnzake, mpaka kwa mnyamata amene anabwereka bukulo. Litafika, zonse zinakhala poyera. Mutu wa tebulo unkanena kuti ndi chiwerengero cha anthu a m'Malawi m'makalembera a kuyambira 1966 mpaka 2008. Mizere yotsika inali inayi, osati iwiri. Woyamba unali wa zaka: 1966, 1977, 1987, 1998 ndi 2008. Wachiwiri unali wa anthu onse amene anawerengedwa: 4,039,583, kenako 5,547,460, kenako 7,988,507, kenako 9,933,868, ndipo pomaliza 13,077,160. Wachitatu, uja wa 43 mpaka 139, unali wa kuchuluka kwa anthu pa sikweya kilomita imodzi. Wachinayi, umene unavutitsa mwana uja, unali wa liwiro limene chiwerengero chinkakwera nalo chaka chilichonse, pa anthu 100 aliwonse.

Taonani tsono pamene yankho lake likanagwera. Pakati pa 1987 ndi 1998, nthawi imene nambala ija ikuti 2.0, anthu sanachepe. Anachoka pa 7,988,507 kufika pa 9,933,868, kutanthauza kuti anaonjezekera ndi 1,945,361. Chimene chinatsika ndi liwiro la kuchulukana. Zili ngati minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba: dalaivala akachepetsa moto pamtunda, galimotoyo sinabwerere m'mbuyo, ikupitabe kutsogolo koma mwapang'onopang'ono. Mwana akanalemba kuti anthu anachepa, akanalemba zotsutsana ndi mzere wachiwiri wa tebulo lomwelo, mzere umene iye sanauone n'komwe.

Chizindikiro choti m'tebulomo muli liwiro chinalipo ngakhale pachithunzi chodulidwa chija, kungoti chimafuna diso lozolowera. Ndi kamzere kaja ka m'danga loyamba. Kalembera wa 1966 ndiye anali woyamba pa tebulolo, ndipo liwiro la kukwera silingawerengedwe popanda kalembera wina wa m'mbuyo woyerekezera naye. Ndiye mukaona mzere wotsika umene danga lake loyamba lili lopanda kanthu pomwe mizere ina ili yodzaza, ganizirani kuti manambala ake akunena za kusintha kwa pakati pa mzere wopingasa wina ndi unzake. Izi zikutanthauzanso kuti 3.7 si ya chaka cha 1987 chokha, ngakhale yalembedwa moyang'anizana nacho. Ndi ya zaka khumi zonse, kuchokera 1977 kufika 1987. Nayonso 2.0 ndi ya zaka khumi ndi chimodzi, kuchokera 1987 kufika 1998.

Pali china chimene ndimakonda kuonetsa ophunzira pa mzere umenewu. 2.9 wa pakati pa 1966 ndi 1977 anaonjezera anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka. Pakati pa 2008 ndi 2018 liwiro linalinso 2.9, koma anthu oonjezekera anali pafupifupi mamiliyoni anayi ndi theka. Nambala ndi yomweyo, anthu ndi ochuluka katatu, chifukwa 2.9 pa 100 aliwonse a gulu lalikulu saafanana ndi 2.9 pa 100 aliwonse a gulu laling'ono. Peresenti imene yadulidwa kuchoka ku nambala yake ya anthu onse ili ngati kumva kuti munthu wadya theka la nsima osadziwa ngati inali ya m'kambale ka mwana kapena ya pamaliro.

Komabe ngakhale tebulo lathunthu silinayankhe funso la aphunzitsi. Tebulo limanena kuti liwiro linatsika, koma silinena chifukwa chake. Chifukwacho chinali m'ndime ya pansi pake, ndipo ndi nkhani imene akuluakulu a ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza amaikumbukira bwino. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu ambiri anathawira kuno. Amene anali atafika kale pa nthawi ya kalembera wa 1987 anawerengedwa limodzi ndi eni dziko, ndipo anakweza nambala ija kufika pa 3.7. Othawa nkhondowo anapitiriza kubwera mpaka anapitirira miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anayamba kubwerera kwawo, ndipo pofika kalembera wa 1998 ambiri anali atapita. Ndiye kalembera wa 1987 anali ndi alendo, wa 1998 analibe, ndipo kusiyana kwa awiriwa kunaoneka kochepa. Zaka zomwezo ndi zimenenso Edzi inatenga anthu ambiri m'midzi ndi m'matauni mwathu, ndipo nazonso zinachepetsa liwirolo.

Palibe njira imene mwana wobadwa nkhondoyo itatha kalekale akanatulukira zimenezi poyang'anitsitsa manambala asanu ndi anayi pafoni. Angayang'ane usiku wonse, othawa nkhondo saoneka mu 3.7. Wolemba buku anaika tebulo ndi ndime yake pa tsamba limodzi podziwa kuti chimodzi chimadalira chinzake: tebulo likuonetsa, ndime ikufotokoza. Aphunzitsi pofunsa funso lija ankayesa kuti ana ali ndi zonse ziwiri.

Chifukwa chake sindinangoyankha

Mwina wina angati: poti munazindikira manambalawo usiku womwewo, bwanji simunangomuuza mwana yankho n'kumupumitsa? Ndinalingalira zimenezo, ndipo chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa munthu wamkulu akafunsidwa ndi mwana safuna kuoneka ngati sakudziwa. Koma chimene ndinali nacho usiku umenewo chinali kuganizira, osati kudziwa. Manambala okwera motero angathe kukhala a boma limodzi, a chigawo chimodzi, kapena a dziko lina loyandikana nafe. Ndikanayankha motsimikiza n'kupezeka kuti tebulolo ndi la kwina, mwanayo akanakopera cholakwa changa ndi chikhulupiriro chonse, n'kuchimwazanso pa gulupu ponena kuti amalume anga ndi aphunzitsi a Jogalafe. Cholakwa cha munthu wodalirika chimayenda mtunda wautali kuposa cha mwana.

Sindikunena kuti wofunsidwa azingokhala chete mpaka tsamba libwere. Angathe kunena zimene akuganiza, bola anene poyera kuti ndi zongoganizira, ndiponso anene chimene chingatsimikize. Kwa mtsikanayu ndinati: "Ndikuganiza kuti ndi kalembera wa Malawi, ndipo mzere wa kumanja ndi liwiro la kukwera. Ngati ndi choncho, kumanzere kwa chithunzi kuyenera kukhala zaka zisanu zoyambira 1966. Usalembe kanthu mpaka uzione ndi maso ako." Akapita kukayang'ana, amapita akudziwa chimene akufuna, ndipo ngati sachipeza adziwa kuti amalume anaphonya.

Kuganizira kumathanso kuyesedwa ndi masamu tebulo likafika lathunthu, ndipo ndinamuyendetsa mtsikanayu m'njira imeneyi pafoni. Kuchuluka kwa anthu pa sikweya kilomita kumapezeka pogawa anthu onse ndi kukula kwa malo. Buku lake lomwelo, m'mutu woyamba, linkati Malawi ndi wamkulu masikweya kilomita 118,484. Ndinamuuza kuti agawe 13,077,160 ndi nambala imeneyo. Anapeza 110, osati 139, ndipo anandilembera modandaula kuti bukulo lalakwitsa. Silinalakwitse. Mu 118,484 muli madzi a nyanja zathu, ya Malawi, Chilwa, Malombe ndi Chiuta, ndipo pamadzi sipamangidwa nyumba. Akalembera amagawa ndi mtunda wokha, umene mabuku ambiri amaupatsa masikweya kilomita 94,276. Atagawa ndi nambala imeneyi anapeza 138.7, imene poikwaniritsa ndi 139. Mawu oti ndi mtunda wokha anali m'munsi mwa tebulo, m'zilembo zing'onozing'ono, pamalo pomwe paja panali chala.

Timawu ta m'munsi timeneti ndi timene timadulidwa kawirikawiri kuposa china chilichonse, chifukwa ndi tating'ono ndipo timaoneka ngati ta akatswiri okha. Koma m'menemo ndi mmene wolemba amanena komwe anatenga manambala, chaka chake, ndi zimene anawerenga kapena kusiya. Tebulo la mtsikanayu linati manambala ake achokera ku NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera imene likulu lake lili ku Zomba. Kudziwa zimenezo kunatithandiza pa mfundo ina imene inatulukira tsiku lotsatira.

M'kope lake, pa manotsi amene aphunzitsi analembetsa pabolodi, munali kuti mu 2008 anthu anali 138 pa sikweya kilomita, ndipo mu 2018 anafika 186. Buku likuti 139, aphunzitsi akuti 138, ndipo 186 m'bukumo mulibe. "Ndiye wolondola ndani, amalume?" Onse awiri. Za 186 n'zosavuta: bukulo linasindikizidwa kalembera wa 2018 asanachitike, kalembera amene anapeza anthu 17,563,749. N'chifukwa chake ndinafunsa chaka cha buku pa uthenga wanga woyamba uja. Mwana amene angalembe pa mayeso a MSCE kuti lero tilipo 139 pa sikweya kilomita ndiye kuti akufotokoza Malawi wa nthawi imene iye anali khanda kapena asanabadwe.

Za 139 ndi 138 n'zozamirapo pang'ono. Anthu amawerengedwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba imawerenga aliyense pamalo pomwe anagona usiku wa kalembera, kaya ndi mlendo kaya ndi mwini nyumba. Yachiwiri imawerenga anthu okhazikika pakhomopo, ngakhale usiku umenewo anali paulendo, ndipo alendo imawasiya. Mu 2008 njira yoyamba inapereka 13,077,160 pomwe yachiwiri inapereka 13,029,498. Kusiyana kwake ndi anthu 47,662 okha, koma n'kokwanira kusuntha yankho kuchoka pa 138.7 kufika pa 138.2, ndipo pokwaniritsa imodzi imakwera kukhala 139, inayo imatsika kukhala 138. Lipoti la kalembera wa 2018 poyerekeza ndi 2008 linagwiritsa ntchito nambala yachiwiriyo, ndipo n'kumene aphunzitsi anatenga manotsi awo. M'matebulo, njira ziwirizi zimasonyezedwa ndi timawu tiwiri tachilatini m'mutu kapena m'munsi. Tikadulidwa, mwana amatsala ndi manambala awiri olimbana, n'kuyamba kukayikira buku kapena mphunzitsi wake popanda chifukwa.

Zojambula nazo zimavulala chimodzimodzi, ndipo mapu ndiye amavulala koposa. Mapu amene timaphunzitsira kuwerenga malo ku sekondale ndi a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Mwana akajambula pakati pa mapu okha n'kufunsa mtunda wa pakati pa sukulu ndi chipatala, wofunsidwa alibe poyambira. Koma apa pali msampha wina: ngakhale atajambula ndi mawu oti 1:50,000, mawuwo amakhala atafa, chifukwa chithunzi pafoni chimakula ndi kuchepa ndi zala, ndipo makina a fotokope nawo amachepetsa tsamba kuti likwane papepala. Chimene chimapulumuka ndi sikelo yojambulidwa ngati kamzere m'munsi mwa mapu, poti kamakula ndi kuchepa limodzi ndi mapuwo, komanso timabokosi ta mizere yopingasana, timene pa mapu otere kalikonse kamaimira kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ndiye pa mapu, chopempha si mutu wokha ayi. Ndi kamzere ka sikelo, manambala a m'mphepete, muvi woloza kumpoto ndi bokosi lomasulira zizindikiro. Chimodzimodzi ndi chojambula cha Bayoloje cholembedwa kuti chakulitsidwa kokwana 400: nambalayo ndi yoona pa tsamba la m'buku lokha.

Kafunsidwe kake

Akale anati safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi ndaona kuti ana amafunsa ndithu. Chovuta ndi chakuti pempho loti "tumiza zonse" silimveka kwa wojambula, chifukwa iye akuona kuti watumiza kale zonse zofunika. Pamafunika kutchula zinthu ndi maina ake. Ine ndimapempha tsamba lonse mpaka nambala ya tsamba ioneke, chifukwa nambalayo ikaoneka ndiye kuti m'mphepete simunadulidwe. Ndimapemphanso tsamba la m'mbuyo, poti ndime imene imayambitsa tebulo nthawi zambiri imakhala kumeneko, ndipo tebulo lalitali likapitirira pa tsamba lachiwiri maina a mizere amatsala pa loyamba. Kenako chikuto cha buku ndi tsamba lamkati lomwe pamalembedwa chaka chosindikizira. Pomaliza, funso lenilenilo monga analilembera aphunzitsi, osati monga mwana walikumbukirira. Funso la mtsikanayu litabwera, linali ndi mawu oti liwiro la kukwera kwa chiwerengero, amene anagwa m'njira uthenga ukudutsa pafoni zitatu.

Ngati buku lili kutali koma kanambala ka tebulo kakuoneka, kameneko n'kamtengo wapatali. M'mabuku ambiri tebulo lolembedwa 6.2 ndi lachiwiri m'mutu wachisanu ndi chimodzi. Wopita ku laibulale safunika kuvundukula buku lonse, ndipo akafika pamutuwo ayang'ane m'ndime pamene wolemba watchula 6.2, chifukwa pamenepo ndi pamene akunena chimene akufuna kuti owerenga aone m'tebulomo.

Ana ena amakana kujambula tsamba lonse ponena kuti zilembo sizioneka, ndipo akunena zoona pang'ono, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, ndipo zilembo zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kufufutika. Mankhwala ake si kudula ayi. Atumize ziwiri, chimodzi cha tsamba lonse ndi china chapafupi, kapena atumize chithunzicho posankha Document m'malo mwa Gallery, kuti chipite osafinyidwa. Buku aligoneke pansi panja pamthunzi masana, alitambasule bwino kuti mzere wa kufupi ndi msoko usapindikire mkati, ndipo zala zigwire kunja kwa zilembo. Mzere wa zaka wa tebulo lija unatayika chifukwa unali kumsoko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi manyazi. Mtsikanayu anandiuza kuti m'kalasi mwawo ambiri anali ndi chithunzi chodulidwa chomwecho, ndipo palibe amene anauza aphunzitsi, poopa kuti aoneka ngati sanapite ku laibulale. Ndinamuuza kuti palibe mphunzitsi wanzeru amene angakwiye ndi mwana wobwera n'kunena mwaulemu kuti: "Aphunzitsi, tebulo lija tili nalo lopanda mutu ndi zaka. Mungatibwerekeko buku tikopere pabolodi?" Pempho lotere limamuuza mphunzitsi chinthu chimene sakanachidziwa mpaka atayamba kuchonga makope n'kupeza mayankho ofanana onena za njala. Ifenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu. Popanga mapamfuleti ndi mayeso apakati pa teremu timadula matebulo m'mabuku n'kumata papepala, ndipo pofuna kusunga malo timasiya mutu ndi timawu ta m'munsi, poti ife tikudziwa zimene tebulolo likunena. Ndinachitapo zimenezi, ndipo ana amene analephera funsolo sanalephere chifukwa cha ulesi.

Nthawi zina tsambalo silipezeka n'komwe. Buku latayika, pamfuleti ndi fotokope ya fotokope, ndipo amene anajambula sakudziwika. Zikatero mwana asapeke mutu wakewake n'kuulemba ngati ndi wa m'buku. Alembe zimene akuona ndi zimene waganizira mosiyanitsa: kuti tebulo limene ali nalo lilibe maina a mizere, kuti akulitenga ngati la liwiro la kukwera kwa chiwerengero chifukwa cha danga loyamba lopanda nambala, ndi kuti yankho lake latsamira pamenepo. Wochonga aona pamene mwanayo waima ndipo adziwa pomuwongolera.

Lachinayi madzulo mtsikanayu ananditumizira chithunzi cha kope lake. Anakopera tebulo lonse ndi pensulo ndi lula, mizere inayi, mutu pamwamba, ndipo pansi analemba kuti manambala ndi a NSO ndi kuti malo owerengedwa ndi a mtunda wokha. Anaonjezera yekha mzere wachisanu ndi chimodzi wopingasa, wa 2018, wokhala ndi 17,563,749, 186 ndi 2.9, n'kuika kanyenyezi kosonyeza kuti umenewu wachokera m'manotsi a aphunzitsi osati m'buku. Yankho lake linayamba ndi chiganizo choti anthu sanachepe pakati pa 1987 ndi 1998, kenako n'kulowa m'nkhani ya othawa nkhondo a ku Mozambique. Pansi pa chithunzicho analemba kuti: "Amalume, agogo akuti ena mwa anthuwo ankalima nawo dimba limodzi kudambo kuja. Akuti mubwere adzakusimbireni."